Akuti infuleshoni yatsika, nanga ufa bwanji sukutsika?

"Pa wailesi akuti infuleshoni yatsika. Koma kuno ku Rosettenville ufa ndi mafuta ophikira zikungokwerabe. Akutinamiza kapena ine ndi amene sindikumva?"

Achimwene, sakukunamizani, kungoti amalankhula ngati tonse tinapita kusukulu ya zachuma. Infuleshoni ndi liwiro limene mitengo ikukwerera, poyerekeza mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha. Minibasi ikachepetsa liwiro imakhala ikupitabe kutsogolo.

Tiyerekeze kuti thumba la ufa la makilogalamu 10 linali R100. Patatha chaka lafika R110: lakwera ndi 10 peresenti. Chaka chinacho lafika R115.50. Mwawonjezera R5.50 pa R110, ndiye kuti 5 peresenti. Pa wailesi anena kuti infuleshoni yatsika ndi theka, inu patilo mukulipira zambiri kuposa kale, ndipo nonse mukunena zoona. R100 ija iwalani.

Mafuta ophikira ndiye anatikhaulitsa mu 2022. Nkhondo itayamba ku Ukraine mu Febuluwale, mafuta a mpendadzuwa anasowa pamsika wa dziko lonse, poti Ukraine ndi Russia ndiwo amagulitsa ambiri kunja. Botolo la malita awiri linakwera mwadzidzidzi. Koma chinthu chimodzi kukwera si infuleshoni ayi. A Stats SA, bungwe la boma la ziwerengero kuno ku South Africa, amawerengera mwezi ndi mwezi dengu lonse la zinthu zimene anthu amalipira: lendi, magetsi, petulo, thiransipoti, chakudya. Mu Julayi 2022 dengulo linakwera ndi 7.8 peresenti poyerekeza ndi Julayi 2021, pomwe mafuta okha anali atadumpha kutali kwambiri.

Apa ndi pamene ine ndimakwiya napo. M'dengu limenelo chakudya sichifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Munthu wogwira m'gadeni ku Sandton, amene akachotsa ya lendi yotsalayo imathera mu ufa, mafuta ndi ndiwo, nambala ya pa wailesi siimufotokoza. Chilala cha 2024 chitawononga chimanga choyera ku Free State ndi North West, ufa unakwera pamene nambala ya dziko lonse inali kutsika. Wodya nsima kawiri patsiku anamva kuwawa.

Otumiza ndalama kumudzi samalani. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi inayamba kutulutsa makwacha ochuluka, ena n'kumaganiza kuti angachepetse zotumiza. Afunseni amayi kuti chidebe cha chimanga ndi lita ya mafuta zili pa zingati, osangoyang'ana reti.

Infuleshoni yanuyanu muwerengere chonchi: sungani silipi, chotsani mtengo wakale pa watsopano, gawani ndi wakalewo, chulukitsani ndi 100. Yerekezani mtundu womwewo, sayizi yomweyo, sitolo yomweyo, ndipo musatenge mtengo wa sipeshala ya kumapeto kwa mwezi. Botolo la mamililita 750 la pa sipaza muliwerengere pa lita, chifukwa kawirikawiri limadula kuposa la malita awiri. Malipiro akakwera ndi 4 peresenti dengu lanu litakwera ndi 8, abwana akuchotserani ndalama osakuuzani.