Yambirani pa sikelo, muwerenge zonse pa kilo ya thonje la njere

"Akuluakulu ndithandizeni, kusukulu andipatsa ntchito ya valiyu tcheni ya thonje kuno ku Salima, akuti ndionetse onse okhudzidwa, phindu la aliyense ndi zovuta zake. Ndiyambire pati?"

Achimwene, yambirani pa sikelo, osati mu ofesi. Pitani pa msika wa thonje cha mu Juni kapena Julaye, kaya ku Chinguluwe kaya ku Khombedza, mukhalepo tsiku lathunthu muzingoona kuti thumba likuchoka m'manja mwa ndani kupita kwa ndani. Mukajambula mapu anuwo mukhale ndi mapeni atatu, ina ya njira ya thonje, ina ya ndalama, ina ya ngongole ya mbewu ndi mankhwala. Ya ngongoleyo ndi imene anthu amaiwala pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Mzere waukulu ndi mlimi, kalabu, wogula wa kampani, fakitale yochotsa njere, kenako njira ziwiri, linti, kutanthauza thonje lochotsedwa njere, kupita kunja kapena kwa opanga nsalu, njere kupita kwa oyenga mafuta, zotsala n'kukhala chakudya cha ziweto. A bungwe loyang'anira za thonje la Cotton Council, alangizi ndi a kafukufuku a ku Chitala muwaike pambali, thonje silidutsa m'manja mwawo koma amakhudza mbewu, malamulo ndi ziphaso. Mavenda simuwapeza pa ndandanda uliwonse, koma alipo, funsani anyamata a kabaza ndi a ngolo akuuzani.

Tsono pa phindu ndi pamene ine ndinagwa nazo ulendo wanga woyamba. Ndinatenga mtengo wa linti n'kuchotsa mtengo wa mlimi, ndinabwera ndili wokwiya kuti makampani akuba masanasana, ndiye mkulu wina wa pa fakitale ina anangondiseka n'kundifunsa kuti kodi njerezo mwazisiya kuti. Kilo ya thonje la mlimi si kilo ya linti ayi. Pa makilogalamu 100 mumatuluka linti pafupifupi 40, njere cha m'ma 55, zotsalazo ndi zinyalala.

Tiyeni tiyese ndi mitengo yongoyerekeza, inu mukaikemo yeniyeni ya chaka chino. Mlimi wagulitsa makilogalamu 100 pa K1,000, walandira K100,000. Kampani yagulitsa linti 40 pa K3,000, ndiye K120,000, njere 55 pa K300, ndiye K16,500, zonse pamodzi K136,500. Ndiye kuti kusiyana kwake ndi K365 pa kilo ya thonje la njere, osati K2,000 imene mukanapeza mukanangochotsa 1,000 pa 3,000, ndipo gawo la mlimi ndi 73 pa 100 osati 33. Pa K365 yomweyo muchotsepo thiransipoti, malipiro a ogula ndi alonda, magetsi, kumanga mabelo, chiwongoladzanja cha ku banki, ndi ngongole zimene alimi sanabweze. Sindikuti makampani ndi angelo, koma mukawatsutsa muwatsutse ndi masamu oona. Ndipo mukafunse nambala yeniyeni ya linti pa fakitalepo chifukwa ikangotsika kuchoka pa 40 kufika 38, m'chitsanzo chathuchi K6,000 yapita.

Kwa mlimi musafunse kuti "munapindula zingati", akuuzani ndalama imene anaigwira m'manja atadulidwa kale ngongole, inu n'kudzachotsanso mbewu ndi mankhwala kachiwiri. Pemphani risiti. Funsani kuti anapopera kangati, anapalira kangati, aganyu otola anawalipira bwanji, nanga ndi makilogalamu angati analowa giredi B chifukwa chakuda. Masiku amene banja lagwira m'munda muwawerengere pa mtengo wa ganyu wa m'mudzimo, kenako muonetse phindu kawiri, lowerengera ntchito ya banja ndi losawerengera. Mufunsenso ngati mbewu yake ndi ya Bt, ija yosinthidwa mwa sayansi kuti izidziteteza ku tizilombo, kapena ayi, poti ya Bt ndi yodula ndipo imathana ndi mbozi zokha, nsabwe zimafunabe mankhwala, ndiye mukawasakaniza alimi awiriwa avareji yanu ikhala yabodza.

Zovutazo musangolemba mndandanda wa madandaulo. Vuto lililonse mulimve mbali ziwiri. Mlimi akuuzani kuti msika umachedwa kutsegulidwa, fizi ikufunika, ndiye anagulitsa kwa venda motchipa. Kampani ikuuzani kuti alimi amathawitsa thonje la ngongole, ndiye chaka chamawa ichepetsa ngongole. Ngongole ikachepa zokolola zitsika, fakitale igwira miyezi yochepa, mtengo wochotsera njere pa kilo ukwera. Mwaona kuti ndi chingwe chimodzi chomwecho? Pa mapu anu ikani chizindikiro paliponse pamene thonje kapena ndalama zimaima kudikira, mulembe masiku ake, kuyambira tsiku lotola mpaka tsiku limene mlimi walandira ndalama. Muchite zimenezi kwa alimi osachepera 30 a m'makalabu osiyana, ndipo musalole tcheyamani akusankhireni, akupatsani anzake okhaokha amene anabweza ngongole.