Mafuta m'magazi: ndiziyenda motani pa sabata?

"Ndili ndi zaka 44, ndimalemera makilogalamu 88. Pepala la kuchipatala lalemba TG 2.6, HDL 0.9. Adokotala angoti ndichepetse thupi ndipo ndizichita mafizo. Loweruka lililonse ndimasewera mpira maola awiri. Kodi sizikukwanira?"

Achimwene, mpirawo musausiye, koma pawokha sungakufikitseni kumene mukufuna. Vuto si kuchepa kwa maola ayi, ndi masiku 6 amene mumangokhala pakatipo.

TG ija ndi matiraigiliseraidi, mafuta amene amayenda m'magazi. Amafunika akhale pansi pa 1.7, ndiye anuwo akwera, ngakhale sanafike poopsa. HDL ndi kolesitolo amene amatola mafuta m'mitsempha n'kupita nawo kuchiwindi, ndipo kwa mwamuna timafuna asatsike pansi pa 1.0. Awiriwa amayenda ngati sikelo: TG ikakwera, HDL imakonda kutsika.

Mukayenda ndawala kapena kupalasa njinga kwa kanthawi, minofu imadzutsa kachipangizo kake kotchedwa lipopulotini lipezi, kamene kamakoka mafutawa m'magazi kuti minofuyo iwawotche. Kamagwira ntchito molimba tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pamene mwachita mafizo, kenako kamafooka. Ndiye mpira wa Loweruka umakutetezani mpaka cha Lolemba. Pofika Lachitatu, nsima ndi tiyi wa shuga zikupeza minofu itagona. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti asalole masiku awiri otsatizana kudutsa osatuluka thukuta.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za mafizo apakatikati, kapena 75 mpaka 150 ngati ndi amphamvu monga kuthamanga. Apakatikati mumawadziwa chonchi: mukupuma mofulumira, mukutha kuyankhula ndi mnzanu, koma kuimba nyimbo simungathe. Kuyenda kozungulira mumsika mukufunsa mitengo ya tomato sikuwerengedwa. Ndikanakhala inu, ndikanawonjezera mphindi 30 za ndawala Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi, ndipo pakatha mwezi n'kuzifikitsa pa 40 kapena 45. Mlamu wanga amatsika minibasi patali ndi kuntchito, nsapato za muofesi zili m'chikwama, n'kumaliza ulendowo wapansi. Amafika malaya atanyowa kumsana, n'kusintha. Njirayi wakhala nayo kuposa amene analipira jimu, chifukwa kuntchito amayenera kupitako basi.

Za thupi, musadziikire cholinga chachikulu. Kutaya magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu kumatsitsa TG ndi pafupifupi magawo 20 pa 100. Kwa inu ndiye makilogalamu 4 ndi theka mpaka 9, ndipo 2.6 ija ingatsike kufika cha pa 2.1, mwinanso kuposa apo mukaphatikiza ndi kuyendako. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, kotero kufika pa 83 kungakutengereni miyezi iwiri ndi theka. Koma ndinene zoona, kuyenda kokha kumachepetsa thupi pang'onopang'ono kwambiri. Zimene mwawotcha pa mphindi 30 mukhoza kuzibweza ndi botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Anthu ambiri akamva za mafuta m'magazi amathamangira kusiya nyama, pamene chiwindi chimapanga matiraigiliseraidi kuchokera ku shuga, mowa ndi zakudya za ufa zikachuluka. Ngati mumadya mitanda itatu, bwerani pa iwiri, masamba ndi nyemba zichuluke. Ngati pambuyo pa mpira uja pamakhala mowa, dziwani kuti ukufafaniza mbali yaikulu ya thukuta lanu.

HDL ndi wamakani. Amakwera mochedwa ndiponso pang'ono, kawirikawiri ndi 0.05 mpaka 0.1 pakatha miyezi itatu kapena kuposa, ndipo amamvera kwambiri kutalika kwa mafizo kusiyana ndi ukali wake. Chimene chimagwetsa anthu mphwayi n'chakuti pamene thupi likutsika, HDL amatha kutsikanso pang'ono, n'kudzakwera thupi likakhazikika. Mukadzaona 0.9 yemweyo, musaganize kuti mwavutika pachabe. Ngati mumasuta, kusiya fodya kumamukwezanso.

Mukayezetsenso pakatha masabata 12, m'mawa, musanadye kwa maola 9 mpaka 12, ndipo dzulo lake musamwe mowa, apo ayi nambala idzakunamizani. TG ikapanda kusuntha ngakhale lamba wayamba kukhwepa, pemphani akuyezeni shuga ndi chithokomiro, ndipo auzeni mankhwala onse amene mumamwa, chifukwa ena, kuphatikizapo ma ARV ena, amakweza mafutawa. Osasiya mankhwala panokha. Ndipo mukamva kuthina pachifuwa, chizungulire kapena befu wachilendo muli pabwalo, imani pomwepo mukaonane ndi adokotala musanabwererenso.