Za kusandutsa thesisi kukhala nkhani ya mu jenala

"Abale, ndamaliza masitazi, thesisi yanga ndi ya mpingo ndi boma m'Malawi kuyambira 1992 mpaka 1994, masamba 130. Ndikufuna ituluke mu jenala. Ndiyambire pati, nditumize kuti, ndipo dzina la supavaiza ndiikepo kapena ayi?"

Abusa, choyamba ndikupempheni kuti musatsatire zimene ena akuuzani zoti mungoifinya thesisiyo kuti ikwane masamba 25. Ine ndinachita zimenezo ndipo ndinataya chaka chathunthu. Yanganso inali ya nthawi yomweyi, ya kalata ya maepiskopi a Katolika ija inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Ndinadula pang'ono mutu uliwonse, ndinasiyamo mbiri ya amishonale, ulamuliro wa Kamuzu, kubadwa kwa bungwe la zipembedzo la PAC, mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Edita anaibweza pasanathe masabata awiri, osaipereka n'komwe kwa ounika. Anangolemba mizere itatu, ndipo mfundo yake inali yoti zonsezi zinalembedwa kale, chatsopano sakuchiona. Zinandiwawa kwambiri, koma ananena zoona. Kenneth Ross, Matthew Schoffeleers ndi ena anaifotokoza kale nkhani imeneyi mwatsatanetsatane, ndipo aliyense amene angaunike pepala lanu anawawerenga.

Thesisi imalembedwa kuti oyesa mayeso aone kuti mwawerenga zambiri ndipo kafukufuku mumamudziwa. Nkhani ya mu jenala imafuna mfundo imodzi yokha, yoti munthu wina wodziwa angathe kuitsutsa. Ndiye tsegulani mitu imene muli zomwe munapeza nokha, kawirikawiri ndi wachinayi kapena wachisanu, mufunefune malo amene anthu anakuuzani kapena mapepala a ku nkhokwe anakuonetsani chinthu chosagwirizana ndi zimene zili m'mabuku. Pamenepo ndi pamene pali nkhani yanu.

Kwa ine chinali pa masamba asanu ndi atatu okha, mkatikati mwa mutu wachinayi. Mabuku ambiri amalankhula za maepiskopi: mmene anafunsidwira ndi apolisi, mmene Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwira m'dziko muno, mmene boma linalengezera kuti kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu. Koma akatekisiti amene ndinacheza nawo ankanena za kumudzi, kalata italetsedwa kale. Mmodzi, bambo wachikulire, anandilowetsa m'nyumba n'kundionetsa pa denga la udzu pamene anaisomeka atayikulunga m'pulasitiki, ndipo anati ankaitulutsa usiku pa msonkhano wa mphakati. Ndinalemba chiganizo chimodzi n'kuchimata pakhoma: kalatayo inapitiriza kugwira ntchito italetsedwa chifukwa cha akatekisiti ndi miphakati, osati chifukwa cha maepiskopi okha. Ndime iliyonse ya thesisi imene sinkathandiza chiganizo chimenechi ndinaisiya kunja, ngakhale zina zimene ndinazivutikira miyezi ku nkhokwe ya zolembedwa zakale ku Zomba.

Majenala ambiri a mbali imeneyi amafuna mawu apakati pa 6,000 ndi 8,000, koma onani malangizo a olemba a jenala imene mwasankha. Ine ndinagawa motere. Mawu oyamba pafupifupi 700, ndipo mfundo ija inali kale pa tsamba loyamba, osadikira kumapeto ngati mu thesisi. Mutu wonse wa zimene ena analemba, umene unali masamba 30, unatsika kufika mawu 900, n'kutsala olemba okhawo amene ndikugwirizana nawo kapena kutsutsana nawo pa mfundoyi. Njira za kafukufuku zinakwana ndime ziwiri: ndinacheza ndi ndani, liti, m'chilankhulo chanji, ndinawapeza bwanji. Mawu oposa 4,000 anapita ku umboni weniweniwo. Timitu ta zolinga za kafukufuku, kufunika kwake, ndi malangizo opita kwa boma ndi mpingo aja timaika kumapeto, zonsezo chotsani. Edita akangoziona amadziwiratu kuti ndi thesisi yongodulidwa. Ndipo musakopere ndi kumata, lembani mwatsopano pa fayilo yopanda kanthu, thesisi ili pambali.

Chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Nkhani yoyamba ija itakanidwa, ndinalandira imelo yochokera ku jenala ina ya dzina lalitali, yondiitana kuti nditumize. Ndinatumiza nkhani yokanidwa ija, ndipo inalandiridwa patangotha masiku asanu, popanda ndemanga ngakhale imodzi, ndipo anandiuza kuti ndilipire madola pafupifupi 150. Ndinalipira, ndalama yobwereka. Itatuluka, m'kope lomwelo munalinso nkhani za feteleza ndi za makina opopa madzi, ndipo mayina a Chichewa anali atawasokoneza. Pofunsira ntchito yophunzitsa anandiuza mosabisa kuti jenala imeneyo saiwerengera. Choipitsitsa n'choti zimene zinatuluka mmenemo sindikanathanso kuzitumiza kwina, chifukwa zinali zitasindikizidwa kale. Mwayi wanga unali woti za akatekisiti zija munali ndime imodzi yokha. Jenala ikakutsatirani yokha pa imelo, ikalonjeza yankho m'sabata imodzi, ikamasindikiza maphunziro a mtundu uliwonse, ithaweni. Ikanena kuti ili pa Scopus kapena DOAJ, mindandanda ya pa intaneti ya majenala ovomerezeka, pitani komweko mukafufuze dzina lake muone nokha, musakhulupirire zizindikiro zimene yaika pa tsamba lake.

Kotumiza kwenikweni, yang'anani mndandanda wa mabuku kumapeto kwa thesisi yanu muone jenala imene ikubwera kawirikawiri. Pa nkhani ngati yanuyi pali Studia Historiae Ecclesiasticae ya ku South Africa, imene imakonda mbiri ya mpingo ya chigawo chathu chino, ndipo ine ndingayambire kumeneko. Journal of Religion in Africa ndi Journal of Church and State ndi zolimba kulowa, koma sizikulipiritsani pokhapokha mutafuna kuti nkhani yanu aliyense aziiwerenga mwaulere. Majenala ena abwinobwino a ku South Africa amalipiritsa, ndipo ndalama yake imatha kufika marandi masauzande angapo, choncho funsani za malipiro musanatumize. Werengani nkhani zitatu za posachedwa za m'jenala imene mwasankha, muone mmene amayambira ndi mmene amalembera maumboni. Tumizani ku imodzi yokha panthawi imodzi. Yankho limatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, nthawi zina kupitirira, ndipo akakuuzani kuti mukonze kwambiri n'kutumizanso, sanakukaneni. Yankhani ndemanga iliyonse payokha.

Za supavaiza ayankhe ena. Koma poti ndinu abusa, samalani ndi liwu la pa guwa. Wounika wina anandilembera pambali pa ndime ina kuti apa mukulalikira, chifukwa ndinali nditalemba kuti mpingo unaima pa choonadi, popanda kunena kuti mpingo uti komanso liti. Mu 1992 mipingo sinali pa mzere umodzi, ngakhale masinodi a CCAP sankalankhula chimodzimodzi, ndipo wounika amadziwa zimenezi. Kachiwiri, bwererani ku mafomu a chilolezo amene anthu anu anasainira. Kuvomera thesisi yokhala m'laibulale n'kosiyana ndi kuvomera nkhani imene mdzukulu wa amene anali tcheyamani wa chipani m'mudzimo angaiwerenge pa foni. Katekisiti wa denga uja ndinabwererako kukamufunsanso, ndipo anandilola kulemba zonse kupatula dzina lake ndi la mudzi.

Ngati thesisi yanu inaikidwa kale pa intaneti ndi yunivesite, muuzeni edita m'kalata yotumizira kuti nkhaniyi yachokera mu thesisi ya masitazi, mutchule chaka ndi mutu wake, kuti makina ofufuza zokopera akaipeza asakuyeseni wakuba.