Bambo aang'ono alibe gawo pamene mwana wamwamuna alipo

"Agogo, bambo athu anatisiya mwezi watha. Tatsala amayi, agogo aakazi obereka bambo, alongo anga awiri ndi ine mtsikana. Zonse zawo tikawerengera ndi K2,600,000. Bambo aang'ono akuti nawonso alandirepo. Chisilamu chimati tigawane bwanji?"

Pepa mdzukulu wanga, Mulungu awakhululukire bambo ako. Usathamangire kugawa. Poyamba pachoke ndalama za sanda ndi manda, kenako ngongole. Uwafunse amayi ako pambali ngati mahari awo, mphatso ya ukwati yochokera kwa bambo ako, anaperekedwa onse, chifukwa otsala ndi ngongolenso. Mbuzi kapena makina osokera amene amayi anagula ndi thukuta lawo si za malemu, zisalowe m'chiwerengero. Bambo ako akakhala kuti anasiya wasiya, mawu opatsa ena chuma chawo akadzamwalira, usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chotsala. Tiyerekeze kuti wasiya palibe, ndipo maliro ndi ngongole zadya K200,000. Zogawa ndi K2,400,000.

Magawo ake ali m'Kurani, sura 4, ndime 11 ndi 12. Mkazi wamasiye, ngati malemu asiya ana, amatenga gawo limodzi mwa magawo 8, choncho amayi ako alandira K300,000. Pakanakhala mitala, akaziwo akanagawana K300,000 yomweyo. Mayi wa malemu amatenga gawo limodzi mwa magawo 6, ndiye agogo ako K400,000.

Apa ndi pamene anthu amaphonya. Ndinaonapo pabwalo wina akuchotsa kaye za mkazi, n'kuwerengera za mayi pa zotsalazo. Akatero agogo ako apeza K350,000, abedwa K50,000 masana dzuwa likuswa mtengo. Magawo onse awiri amawerengedwa pa K2,400,000 yathunthu ija.

Yotsala ndi K1,700,000, ya ana inu. Mwamuna amalandira kawiri kuposa mkazi, ndiye ika miyala isanu pansi: iwiri ya mlongo wamkulu, iwiri ya wamng'ono, umodzi wako. Mwala uliwonse ndi K340,000. Alongo ako K680,000 aliyense, iwe K340,000. Uphatikize zonse, zikapanda kubwerera pa K2,400,000 ndiye kuti penapake palakwika. Ndikudziwa mtima wako wagunda pa K340,000 imeneyo. Koma ndi yako wekha, ngakhale mwamuna wako sangaikhudze, pamene alongo akowo lamulo lomwelo limawasenzetsa mahari, akazi awo ndi kusamala amayi.

Bambo aang'ono uwayankhe mwaulemu, makamaka pamaso pa shehe. Mwana wamwamuna akakhalapo, abale a malemu amatsekeredwa, salandira kanthu. Chimodzimodzi mwana wa mlongo wawo wa bambo, ngakhale mwambo wakuchikamwini umamuika patsogolo. Mukafuna kuwapatsa kangachepe, aliyense atape pa gawo lake atalandira kale. Sadaka ya masiku 40 nayonso musonkherane choncho, isachoke pa mulu musanagawe.