Kalata yosiyira ntchito: yankho la azakhali

"Azakhali, ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS anditenga digiri ya unamwino ndi uzamba, tikuyamba pa 6 Okutobala. Kuno ku chipatala cha mishoni akuti chaka chino satulutsa munthu kupita kusukulu, ndiye ndaganiza zongosiya. Kalata yake ndilembe bwanji, ndipo ndipereke liti? Ndili ndi masiku 12 a tchuthi omwe sindinatenge."

Mwana wanga, ndakumva, ndipo ndasangalala kwambiri. Ndikulankhula pang'onopang'ono kuti umvetsere uli ndi cholembera m'manja.

Usanalembe chilichonse, katulutse kalata yomwe anakulembera ntchito ija, uwerenge pomwe akukamba za notisi. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati munthu wolandira malipiro pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi. Koma mgwirizano womwe unasayina ukhoza kunena nthawi yotalikirapo, ndipo ngati ukutero, utsatire zomwe unasayinazo. Ukasiya osapereka notisi, lamulo lomwelo limalola abwana kukulipiritsa ndalama zofanana ndi malipiro a nthawi ya notisiyo. Ndiye taganiza, malipiro a mwezi wathunthu apite pa nthawi yomwe ukufuna fizi ndi lendi. Uyang'anenso ngati unasayina bondi pomwe unkachita dipuloma. Ngati anakulipirira sukulu nkukumanga zaka zakutizakuti, werenga ngati zakwana. Zikapanda kukwana, pita ukakambirane nawo kalata isanatuluke m'manja mwako.

Tsono tiwerenge chobwerera m'mbuyo, poganiza kuti notisi yako ndi ya mwezi umodzi. Tsiku lako lomaliza likhale 30 Seputembala. Ukatero walandira mwezi wathunthu, ndipo watsala ndi masiku asanu osamukira ndi kupeza pokhala. Ndiye kuti kalata ikhale italandiridwa pofika 31 Ogasiti. Ndikuti italandiridwa, wamva? Notisi siyamba tsiku lomwe walemba kunyumba kwako, imayamba tsiku lomwe yafika m'manja mwa abwana. Ine ndikanakhala iwe ndikanapereka cha pa 25, chifukwa inchaji amakhala akukonza rosita ya mwezi wa mawa m'masiku amenewo, ndipo adziwe msanga kuti asakuike pa naiti yodutsira mu Okutobala.

Kalatayo ndi yaifupi, tsamba limodzi silidzadza n'komwe. Uilemba m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, koma ndikupatse mutu wake m'chathu chomwechi. Pamwamba keyala yako, nambala ya foni, nambala yako ya ntchito, ndi deti. Uilembere kwa mkulu woyendetsa chipatala kapena yemwe anasayina kalata yokulemba ntchito, koma idzere mwa inchaji wa wodi yako, kenako mwa a metroni, ndipo usiye mpata woti aliyense asayinepo. Ku ofesi yoona za anthu ogwira ntchito kupite kope. Usawadumphe a metroni. Mawa ndi iwowo odzakulembera umboni ukamafuna ntchito ina.

Mkati mwake unene chonchi: "Ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino ndi uzamba mu wodi ya amayi. Ndikupereka notisi ya mwezi umodzi monga mwa mgwirizano wathu, ndipo tsiku langa lomaliza kugwira ntchito ndi 30 Seputembala. Ndikupita kukapitiriza maphunziro a digiri, ndipo ndaphatikiza kope ya kalata yondiyitana kusukulu. Ndikuthokoza pa zonse zomwe ndaphunzira pano. Ndipereka ntchito ndi katundu yense kwa amene mundilozere, ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe molemba." Basi. Sayina, lemba dzina ndi udindo.

Waona kuti mulibe mawu oti "ndikupempha chilolezo chosiya"? Kusiya sapempha, amadziwitsa. Ukalemba ngati pempho, ena amakhala nayo kalatayo osayankha, iwe nkumadikira masiku akutha. Ndipo detilo ulembe ndi manambala, osati "kumapeto kwa mwezi wa mawa".

Ndikudziwa kuti zinakupweteka kuti anakukaniza tchuthi cha maphunziro, ndiponso zija umandiuza zokhala wekha usiku ndi odwala odzadza wodi. Ndi zoona zonsezo, koma zisalowe m'kalatamu. Kalata imeneyi imakakhala mu fayilo zaka zambiri, ndipo wodzaiwerenga sadzakhala amene anakulakwira. Ngati uli ndi zonena, kanene pakamwa kwa a metroni pokatsanzika. Ndipotu uyambe wakawauza pamaso kalata isanafike, asamve za kuchoka kwako papepala.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna umvetsetse kwambiri. Upange makope atatu. Ukapereka, kope yakoyo akudindire chidindo cha ofesi chosonyeza deti, ndipo wolandirayo asayine. Uijambule pa foni, unditumizirenso ine. Nthawi yomwe ndinali inchaji pa chipatala china, mtsikana wina wa wodi yoyandikana nayo anasiya kalata yake pa tebulo la masisitala, pansi pa buku la malipoti, abwana ake atapita ku maliro. Anagwira mwezi wake mokhulupirika nkunyamuka kupita kusukulu. Kalata ija siinafike ku ofesi. Dzina lake linakhalabe pa rosita, ndipo atasowa masiku angapo analembedwa kuti wathawa ntchito. Ndinamuona atabwera patapita miyezi, ataima pakhonde ndi envulopu m'manja, misozi ili m'maso, alibe chilichonse chosonyeza kuti anatsanzika. Zinatenga nthawi yaitali kuti fayilo yake ikonzedwe. Ukaona kuti sabata yatha osayankhidwa, kapena dzina lako likuonekabe pa rosita ya Okutobala, dziwa kuti kalata yaima penapake. Tenga kope yodindidwa ija upite nayo ku ofesi.

Za masiku 12 aja, usangodziwerengera wekha kuti uchotsa pa notisi nkuleka kubwera pa 15. Zimenezo akhoza kuziyesa kujomba. Lemba kakalata kena kapadera kopempha kuti mwina uwatenge kumapeto kwa notisi, kapena akulipire ndalama zake. Lamulo limati masiku a tchuthi omwe sunatenge alipiridwe ntchito ikatha, ndiye sakutayika. Wodi yanu ndi yoperewera anthu, mwina asankha kukulipira, ndipo kwa iwe ndalamayo ithandiza.

Usayembekezere ndalama ija amapereka kwa munthu wochotsedwa ntchito, chifukwa wosiya yekha salandira. Penshoni yako ndiyo siitayika. Funsa nambala yako ya penshoni ndi sitetimenti, uone ngati miyezi yonse inalowa, uzisunge mpaka udzapeze ntchito ina. Ngati uli ndi ngongole ku SACCO kapena kubanki yomwe amadula pa malipiro, kawauze tsopano, chifukwa Okutobala kulibe podula.

Sabata yomaliza, chita handova yolemba. Makamaka kabati ya mankhwala oopsa: muwerenge petidini ndi mofini botolo ndi botolo, muli awiri, zigwirizane ndi kaundula, musayine nonse, kenako upereke makiyi. Ampulo imodzi ikadzasowa iwe utachoka osasayinitsa, dzina loyamba kutchulidwa ndi lako. Makina oyezera BP, nyumba ya chipatala ngati ukukhalamo, chiphaso, zonse alembe kuti wabweza. Usachoke opanda kalata yotsimikiza kuti unagwira ntchito pamenepo kuyambira liti mpaka liti, ndi ufulu wako m'lamulo. Laisensi yako ya ku khonsolo ya anamwino ndi azamba usaileke kulipira uli kusukulu, uzidzaifuna ukafuna ganyu ya lokamu pa holide.

Lemba madzulo ano, unditumizire ndiione usanakasindikize. Ujambulenso tsamba la notisi lija, chifukwa likanena miyezi itatu, masamu onsewa asintha ndipo mawa lomwe ukhale mu ofesi ya a metroni.