Kontirakiti ikutha pa 30 Juni: ndiwauze bwanji kuti sitiwonjezera?

"Ndimayang'anira kabungwe kakang'ono kuno ku Lusaka. Tili ndi anthu atatu oyenda m'makomboni kulemba mabanja amene timathandiza, koma ndalama za chaka chamawa zingokwana awiri. Bambo mmodzi, amene kontirakiti yawo ya zaka ziwiri ikutha pa 30 Juni, sitiwawonjezera. Ndi aakulu kwa ine, ali ndi banja ku Chawama, ndipo sanalakwe kanthu. Tinapempha ndalama kwina koma sanatiyankhe. Ndiwauze kuti adikire? Ndilankhule bwanji kuti ndisawapweteke?" Mayi wa ku Kabwata

Mayi, musawauze kuti adikire. Kupweteka kuwapweteka ndithu, ndipo palibe mawu amene angachotse zimenezo. Chimene chili m'manja mwanu n'chakuti akatuluka mu ofesi yanu adziwe tsiku limene malipiro adzaleke, chifukwa chenicheni, ndi ndalama zimene adzalandire, kuti ayambe kukonza za nyumba yawo akudziwa pamene aima.

Taganizani zimene munthu amachita akamva bwana akuti "tiona ndalama zikabwera". Kwa inu ndi mawu otsekera nkhani kuti musatsanzikane mowuma. Iwo akafika kunyumba adzauza mayi kuti abwana ati ntchito ibweranso. Mnzawo akawauza za malo a ntchito ya malipiro ochepa ku Kafue kapena ku Chongwe, adzakana. Kwa landilodi adzapempha kuti awapirire miyezi iwiri. M'chilimba sadzatuluka, ndipo mwezi umene ndalama zidzasowe adzapita kwa wa kaloba, akudalira ntchito imene inu mukudziwa kuti mwina kulibe. Ikamafika Okutobala, ndalama zawo zomaliza zatha, ngongole yabereka, ntchito ya ku Kafue watenga wina. Ndipo wopereka ndalama amene munamupempha uja, ngakhale avomere, sindiye kuti malo a bambowa abwerera. Kawirikawiri amabwera ndi zofuna zake: dera lina, ntchito ya mtundu wina, anthu a maphunziro ena.

Musanawaitane, tsegulani kontirakiti yawo muwerenge ndime yonena za kuwonjezera. Makontirakiti ambiri amalemba kuti bwana adzadziwitsa wantchito mwezi umodzi kapena itatu isanathe ngati akufuna kupitiriza naye kapena ayi. Ngati yanu ikutero, tsiku limenelo ndi lamulo kwa inu. Ngati sinena kanthu, kontirakiti ya nthawi yoikika imatha yokha tsiku lake likafika, ndipo uku si kuchotsa munthu ntchito. Komabe ine ndimati auzeni tsiku limene mwatsimikiza, kukadali masabata asanu ndi limodzi kapena miyezi iwiri. Mabwana ena amabisa mpaka sabata yomaliza poopa kuti munthu afooka pa ntchito. Kufookako n'kochepa poyerekeza ndi zimene mumamulanda, chifukwa munthu wofunsira ntchito akadali pa ntchito amalandiridwa bwino kuposa amene wakhala kale pakhomo.

Funsaninso anzanu a mu ofesi ngati wina anawalonjezapo kanthu. Mwina pa msonkhano wa Disembala wapampando ananena kuti "nonse tili nanu chaka chamawa", mwina pali uthenga wa pa foni. Mikangano yambiri yofika kwa akuluakulu a zantchito imayambira pamenepo: munthu amati anandipatsa chiyembekezo choti andiwonjezera. Ngati mawu otero analankhulidwa, muyenera kuwatchula nokha pokambirana, n'kunena kuti zinthu zinasintha ndipo zasintha motani.

Tsopano chovuta chenicheni. Ndalama zachepa, inde, koma chimenecho ndi theka chabe la chifukwa. Anthu analipo atatu ndipo mwasankha awiri. Bambowa adzafunsa kuti "nanga bwanji ineyo?", ndipo akapanda kufunsa pamaso panu adzadzifunsa m'minibasi. Mukangoti "ndi ndalama basi", iwo adzaona anzawo awiri akupitabe ku ntchito pa 1 Julaye n'kuyamba kudzipezera mayankho okha: mtundu, zaka, kaduka, kapena kuti wina anawanenera zoipa. Choncho khalani pansi mulembe chiganizo chimodzi chonena chimene munasankhira. Mwina ntchito yotsala ndi yolowetsa zinthu mu kompyuta, ndipo awiriwo ndiwo amaidziwa. Mwina dera la Chawama ndilo latuluka m'pulojekiti, pamene Kanyama ndi Matero zatsala. Mwina makontirakiti a anzawo akutha chaka chamawa, ndiye yawo ndiyo yafika poyamba. Chilichonse mwa izi munthu angachimve. Koma ngati mukulephera kulemba chiganizocho popanda manyazi, vuto lili pa chisankho chanu, ndipo mubwerere kwa amene munasankha nawo musanaitane munthu. Chifukwa chikakhala chokhudza matenda, mtundu, kapena kuti munthu anadandaulapo za malipiro, kubisala kuseri kwa tsiku lotha kontirakiti sikungachiyeretse.

Osawonjezera zolakwa zakale kuti chisankho chioneke cholimba. Mwanena nokha kuti sanalakwe. Mukayamba kukumbutsa za tsiku lina limene anachedwa chaka chatha, nkhani isanduka mlandu, iwo ayamba kudziteteza, ndipo ayesa kuti akalonjeza kusintha mutembenuka mtima.

Aitaneni m'chipinda chotseka, m'mawa, pakati pa sabata. Lachisanu madzulo ndi loipa chifukwa munthu amapita nazo kunyumba masiku awiri popanda womufunsa. Moni ndi kufunsana za kunyumba zikhalepo monga mwa ulemu wathu, makamaka poti ndi aakulu, koma zisatalike. Timakonda kuzungulira tikanyamula uthenga woipa, ndipo pamaliro kuzungulirako kumathandiza. Apa kumangopatsa munthu mphindi khumi zoganiza kuti mwina mwamuitanira zabwino. Ine ndikanalankhula chonchi:

"Bambo, ndakuitanani pa nkhani ya kontirakiti yanu, ndipo si nkhani yabwino. Ikatha pa 30 Juni sitiwonjezera. Chisankhochi chapangidwa kale ndipo sichisintha. Ndalama za chaka chamawa zikukwana anthu awiri, ndipo ntchito imene yatsala ndi ya ku Kanyama ndi ku Matero, kumene anzanu akugwira kale. Simunalakwe chilichonse, ndipo ndidzalemba zimenezo m'kalata yokuchitirani umboni."

Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene mabwana ambiri amagwa. Munthu wamkulu akawerama n'kumayang'ana manja ake, mphindi imodzi imatalika, ndipo pakamwa pamangotuluka "koma musadandaule, tiona". Limbani mtima, muwasiye apume. Akalankhula mowawa, mvetserani osatsutsa. Musanene kuti "ngakhale ine zikundipweteka kwambiri", chifukwa pamenepo muwasenzetsa ntchito yokutonthozani inuyo. Musanenenso kuti "akuluakulu ndiwo akana, ine ndinakumenyerani nkhondo" ngati munali nawo posankha. Mawu amenewo amawatumiza kukagogoda kwa wapampando, kumene akakanidwe kachiwiri.

Za pempho lanu la ndalama lija, ngati akulidziwa adzafunsa, ndipo kunama kuti kulibe n'kulakwa. Yankho loona ndi ili: "Inde tinapempha, sanayankhe, ndipo ngakhale atavomera sindingakulonjezeni malo. Konzani zinthu zanu ngati kuti kuno ntchito yatha. Malo akadzapezeka tidzalengeza, ndipo mudzafunsira monga wina aliyense." Onani kusiyana kwa "tidzalengeza" ndi "tidzakuitanani". Loyamba mungathe kulisunga. Lachiwiri ndi ngongole imene simukudziwa ngati mudzabweza.

Chifundo chanu chikaonekere pa pepala la ndalama. Lamulo la ntchito la Zambia la 2019 limati kontirakiti yopitirira miyezi 12 ikatha, wantchito alandire giratuwite yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake enieni, osawerengera zowonjezera monga ya nyumba ndi ya mayendedwe, pa nthawi yonse ya kontirakitiyo. Tiyerekeze kuti malipiro enieni a bambowa ndi K6,000 pa mwezi. Pa miyezi 24 ndi K144,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi K36,000. Ngati kontirakiti inalemba peresenti yokulirapo, mutsatira imeneyo. Ngati malipiro anakwera pakati, werengani mwezi uliwonse ndi mtengo wake. Pamwamba pake pali malipiro a Juni ndi ndalama za masiku a tchuthi amene sanatenge. Owerengera ndalama akonze zonsezi msonkhano usanachitike, aonetse zodulidwa ngati zilipo, monga ngongole ya ku ofesi, ndipo alembe tsiku lenileni limene ndalama zidzalowe. Munthu amene wamva "K36,000, pa tsiku lakuti" amatha kuwerenga miyezi ya lendi. Amene wamva "zanu zonse mudzalandira" amangodikira.

Onaninso ngati zopereka zawo za ku NAPSA zinalipiridwa miyezi yonse. Mabungwe ang'onoang'ono amadula pa malipiro koma n'kuchedwa kutumiza ndalama zikavuta, ndipo wantchito amadzazindikira patapita zaka, pulojekiti itatsekedwa kale. Ngati pali miyezi yosoweka, ikonzeni tsopano. Satifiketi yosonyeza kuti anagwira ntchito kwa inu, kuyambira liti mpaka liti ndiponso pa udindo wanji, ndi yawo mwalamulo, si mphatso. Kalata ya umboni ndiyo yochokera mumtima mwanu, ndipo ikhale ndi zinthu zogwirika: madera amene ankayenda, ntchito imene ankaidziwa bwino, kuti mabanja ankawakhulupirira. Aloleni kutuluka nthawi ya ntchito akaitanidwa kokayesedwa kwina. Ngati mukudziwa bungwe limene likufuna munthu, imbani foni iwo ali pomwepo, koma nenani poyera kuti mukungowalumikiza.

Tsiku lomwelo apatseni kalata yaifupi yobwereza zimene mwalankhula, mawu ake ofanana. Munthu wodzidzimuka amamva theka la zonenedwa, ndipo kunyumba adzawerenga kalatayo ndi mayi. Ngati pakamwa mwanena kuti sizisintha koma kalata ikuti "pakali pano sitingathe kuwonjezera", mawu akuti "pakali pano" ndiwo adzagwire. Achotseni. Muwauze kuti abwerenso pakapita masiku awiri kapena atatu ndi mafunso awo, ndipo muwafunse mmene akufuna kuti anzawo adziwire, kaya anena okha kapena munene inu.

Chomaliza chimene chimasokoneza mabungwe ambiri chimachitika pa 1 Julaye. Lipoti silinathe, ndiye wina akuti "Bambo, bwerani mutithandizeko sabata ino". Munthu akapitiriza kugwira ntchito kontirakiti itatha, inu mukuona ndipo mukulipira, angathe kunena kuti munawonjezera mwa zochita zanu, ndipo mumtima mwake chiyembekezo chimene munavutikira kuchotsa chija chimadzukanso. Konzani kuti mafomu, foni ya ofesi ndi makiyi aperekedwe sabata yomaliza ya Juni. Ngati mukufunadi thandizo lawo la masiku khumi, lembani pangano lina lapadera, lokhala ndi ntchito yake, mtengo wake ndi tsiku lake lothera, ndipo asaine asanayambe.