Madzi owira si oyambira potsuka ndowa ya mkaka

"Ndili ndi ng'ombe 3 za mkaka kuno ku Katete. Ndowa ndi keni ndimatsuka tsiku lililonse ndi madzi owira, koma sabata ino kudepoti abweza mkaka wanga kawiri, akuti ukumagwirana akauyeza. Ndikulakwitsa pati?"

Bambo, pepani ndithu, kubwerera ndi mkaka pa njinga kumawawa. Ine ndikukayikira madzi owirawo. Mukathira madzi otentha kwambiri m'ndowa yomwe ikadali ndi mkaka, zotsalira zija zimapsa n'kumatirira kuchitsulo monga dzira pa poto, ndiye tsiku ndi tsiku kakoko kaja kakukhuthala ndipo mabakiteriya amabisala momwemo, mkaka watsopano ukangolowa ayamba kuswana, makamaka ndi kutentha kwa Okutobala kuno kum'mawa. Pofika kudepoti wayamba kale kusasa ngakhale pakamwa simungamve, n'chifukwa chake akausakaniza ndi sipiliti yoyezera uja umagwirana.

Yesani izi lero. Ndowa ikauma muyang'ane mkati padzuwa, mupitse chala pansi ndi m'mbali polumikizira. Mukaona zotuwa ngati choko komanso zokhakhala, ndi komweko. Madzi akamaima timadontho m'malo moyenderera, ndiye kuti mafuta akadalimo.

Mukangomaliza kukama tsukuluzani pompo ndi madzi ofunda chabe, oti dzanja likhalamo bwinobwino, mpaka atuluke oyera. Ozizira nawonso ayi, amaumitsa mafuta. Apa manje ndiye pobwera madzi otentha ndi sopo wa mbale wopanda fungo, kwechani ndi bulashi yomwe ntchito yake ndi imeneyi basi. Sitiluwulu musiyeni, amakanda chitsulo ndipo m'mikandomo ndi mmene dothi limakhala. Pa keni musaiwale khosi ndi chivindikiro, anthu ambiri amatsuka pansi pokha. Tsukuluzani sopo yense, kenako madzi anu owira aja athireni pano, kumapeto, muzunguze paliponse.

Nkhuni zikavuta jiki amathandiza, uja wolembedwa 3.5%. Masupuni akulu 4 m'malita 10 a madzi ozizira, mphindi 2 zakwana, khuthulani adonthe onse. Musagoneke keni ya aluminiyamu mu jiki, imadyeka. Kakoko kakale kaja sopo sakachotsa, viikani ndi viniga wosakaniza ndi madzi ofunda, mukweche, muzichita kamodzi pa sabata. Koma chonde jiki ndi viniga zisakumane, mpweya wake ndi poizoni.

Poumitsa vundikirani pa thandala padzuwa, zivindikiro padera, osapukuta ndi nsalu. Kansalu kosefera muzikawiritsa mukatha kukama kulikonse.

Ngati pena mumanyamulira m'chigubu cha mafuta ophikira, chimenecho chisiyeni, kukamwa n'kochepa ndipo m'chogwirira muja bulashi siifika. Mukachita zonsezi sabata yathunthu mkaka n'kubwezedwabe, kamani ng'ombe iliyonse payokha akayeze padera, mwina ina ili ndi matenda a bere.